Manambala Akasemphana mu Lipoti la Mnzanu

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu yokambirana za kuntchito. Lero tili ndi nkhani ya lipoti. Mnzanu walemba lipoti, ladutsa m'manja mwanu, ndipo diso lanu lagwa pa malo pamene palakwika. Mumuuza bwanji kuti akonze popanda kumuchititsa manyazi pamaso pa anthu?

Kuti nkhaniyi igwirike, titsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti tili pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Anthu ndi manambala amene muwamve ndi ongoyerekeza, koma cholakwika chake n'chodziwika kwa aliyense amene amalemba malipoti a pamwezi, kaya kuchipatala, kusukulu kapena kubanki ya m'mudzi.

Mwezi ukatha, chipatala chilichonse chimawerengera ntchito imene chagwira. Manambala amachokera m'makaundula, aja mabuku akuluakulu amene amalembamo wodwala aliyense. Amawaphatikiza, n'kuwalemba pa fomu ya pamwezi. Mkulu wa chipatala amasaina, fomu imapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo manambalawo amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo malipoti a zipatala. Akalowa m'menemo amaonedwa ndi anthu ambiri amene sadzafikako n'komwe pa chipatala chanucho.

Tsono pa chipatala chathuchi, lipoti la malungo la mwezi wa Malichi alemba ndi bambo wina wachikulire, mlangizi wa zaumoyo amene wakhala pa ntchito zaka zambiri. Lisanapite kwa mkulu wa chipatala, ladutsa kwa kalaliki, mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito. Iye akuwerenga mizere itatu. Oyezedwa malungo: 371. Opezeka ndi malungo: 402. Osapezeka ndi malungo: 329.

Ndibwerezenso, chifukwa pawailesi manambala amathawa. Oyezedwa 371. Opezeka nawo 402. Osapezeka nawo 329.

Mwaliona vuto? Anthu opezeka ndi malungo achuluka kuposa anthu amene anayezedwa. Izi sizingatheke. Munthu sapezeka ndi malungo pa kachipangizo asanabayidwe chala.

Apa ndi pamene ambiri timapupuluma. Mtima umati, ndagwira cholakwika, ndikanene. Koma kalaliki wanzeru amayamba wakhala pansi ndi cholembera, chifukwa kudziwa kuti palakwika n'kosiyana ndi kudziwa chimene chalakwika. Pa manambala atatuwa, yolakwika ingakhale iliyonse. Ndiye akuphatikiza opezeka ndi osapezeka: 402 kuphatikiza 329, yankho ndi 731. Akuyang'ananso pa fomu: 371. Manambala ake ndi omwewo, 7, 3 ndi 1, kungoti awiri oyambawo asinthana malo. Bambo aja anali ndi 731 m'mutu, koma dzanja linalemba 371.

Pali kachenjerero kamene anthu owerengera ndalama amakadziwa, ndipo n'kothandiza kukasunga. Manambala awiri akasinthana malo chonchi, kusiyana kwa nambala yoona ndi yolakwikayo kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Chotsani 371 pa 731, mutsala ndi 360. Gawani 360 ndi 9, mupeza 40 ndendende. Si umboni wokwanira, koma ndi chizindikiro champhamvu chakuti dzanja ndilo linaterereka. Umboni weniweni uli m'kaundula. Choncho kalaliki akutsegula kaundula wa oyezedwa malungo, akuphatikiza ziwerengero za pansi pa tsamba lililonse kuyambira pa 1 mpaka pa 31 Malichi, ndipo akupeza 731.

N'chifukwa chiyani ndikuchedwa pa masamu pamene nkhani yathu ndi ya ulemu? Chifukwa manyazi ambiri a kuntchito amabadwa pa kudzudzula kosafufuza. Ukapita kwa munthu n'kumuuza kuti lipoti lanu lalakwika, wamusenzetsa lipoti lonse. Ayamba kudzifunsa ngati mwezi wonse wagwira ntchito yachabe. Koma ukamuuza kuti pa mzere uwu manambala awiri asinthana, wamupatsa kanthu kakang'ono kokonza m'mphindi imodzi.

Ndipo kufufuza kumakupulumutsanso iwe mwini. Pa fomu yomweyo kalaliki waonanso china chomudabwitsa. Mapaketi a mankhwala a malungo, aja timawatchula kuti LA, amene aperekedwa mweziwo achuluka kwambiri kuposa odwala 402 aja. Kodi nachonso n'cholakwika? Mwina ayi. LA amabwera m'mapaketi anayi malinga ndi kulemera kwa wodwala: la mapiritsi 6 la ana aang'ono, la 12, la 18, ndi la 24 la akuluakulu. Mapaketi a akuluakulu akatha pa chipatala, wodwala wamkulu mmodzi amatha kupatsidwa timapaketi tinayi ta ana kuti mapiritsi akwane 24. Pamenepo mapaketi amachuluka, odwala ali omwewo. Wobwera kumene sangadziwe zimenezi, koma amene anali pa windo la mankhwala mwezi wonse akudziwa. Kalaliki akanaimirira pa msonkhano n'kunena kuti apa palinso cholakwika, wochita manyazi akanakhala iyeyo. Ndiye pa zinthu ziwirizi, chimodzi akuchidziwa motsimikiza, china ndi funso chabe. Ayenera kuzinyamula mosiyana.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Tsopano funso la malo. Pa chipatala chathuchi pali mipata iwiri imene ili pafupi kwambiri, ndipo yonse ndi yoipa. Woyamba ndi msonkhano wa m'mawa, pamene ogwira ntchito onse amakumana kupatsana malipoti. Wachiwiri ndi gulu la ogwira ntchito la pa WhatsApp, mmene kujambula fomu n'kuiponya kumangotenga kamphindi.

Taganizirani mmene manambala aja angamvekere pagulu. Lipoti likuti oyezedwa ndi 371. Koma kosungira mankhwala akudziwa kuti tizipangizo toyezera totuluka mweziwo ndi toposa 700. Wina amene ali ndi mutu wa masamu afunsa msanga: nanga tizipangizo tina 360 tapita kuti? Ngati bokosi limodzi muli 25, amenewo ndi mabokosi oposa 14. M'dziko muno nkhani za kubedwa kwa mankhwala m'zipatala za boma timazimva kawirikawiri, ndipo aliyense wogwira ntchito kuchipatala amadziwa kulemera kwake. Kalaliki anganene ndi mtima woyera kuti manambala sakugwirizana, koma makutu khumi amva zina. Pofika madzulo, nkhani ya dzanja loterereka yasanduka nkhani ya katundu wosowa, ndipo yafika kale kumsika. Bambo aja akadzakonza nambala ija, amene anamva mphekesera sadzabwera kudzaona fomu yokonzedwayo.

Pa WhatsApp ndiye zoipa zimaposa, chifukwa chithunzi chimakhala. Chimatumizidwa kwina, chimafika kwa anthu a kuboma nthawi isanakwane, ndipo wolakwitsayo amachiwerenga ali yekha, osamva liwu lanu kuti adziwe kuti mulibe chiwembu.

Palinso china chimene ndaona kuti anthu sachiganizira. Munthu akadzudzulidwa pagulu, ntchito yake yoyamba imakhala kudziteteza. Ayamba kufotokoza kuti magetsi anazima, kuti kaundula analemba ndi wina, kuti inunso mwezi watha munachedwa. Fomu ija ili pa tebulo, yosakonzedwa, anthu akukangana za ulemu. Pambali palibe woti amuonetse mphamvu, ndiye maso ake amapita pa pepala.

Koma pambali ndi pati? Si kuseri kwa chitseko chokhoma. Mtsikana akaitanira bambo wachikulire m'chipinda n'kutseka, wapewa mphekesera imodzi n'kubala ina. Pambali ndi malo amene anthu angakuoneni koma sangakumveni: pa tebulo lake mzere wa odwala utatha, pakhonde, pansi pa mtengo panja. Ndipo kaitanidwe kake kakhale ka masiku onse. Ukanena mokweza pamaso pa anthu kuti bambo, ndikufuna ndikuoneni panokha pa nkhani ya lipoti lanu lija, wawulula kale. Onse adziwa kuti pali kanthu, ndipo aliyense ayamba kulota zake.

Nthawi nayo ili ndi malire. Fomu isanasainidwe, kukonza n'kwa anthu awiri basi. Ikasainidwa, mkulu wa chipatala walowamo. Ikapita kuboma, pafunika foni ndi kufotokoza. Choncho kalaliki sangadikire sabata kuti apeze tsiku limene bambo aja akuseka. Ayenera kupita lero, kungosankha ola labwino. Tamverani mmene zinayendera.

(Phokoso la pachipatala likumveka chapatali. Mapepala akutembenuzidwa)

KALALIKI: Odi, bambo. Mwaswera bwanji?

MLANGIZI: Ndaswera bwino, achemwali, kaya inu? Lowani.

KALALIKI: Ndaswera. Pepani ndakupezani mukupuma. Ndimati mundithandize pa fomu ya malungo ija ndisanaipereke kwa akulu. Muli ndi kamphindi?

MLANGIZI: Bwerani nayo tione.

KALALIKI: Ndi pa mzere uwu wa oyezedwa. Palembedwa 371. Koma ndikaphatikiza opezeka ndi osapezeka ndikupeza 731. Ndinakaonanso m'kaundula, nawonso akupereka 731. Kaundulayo ndi uyu. Ndikuona ngati 7 ndi 3 anasinthana polemba.

MLANGIZI: Tabweretsani. 402, 329... Aa! Zoonadi. Ndi 731 ameneyu. Ndinalemba usiku fomu imeneyi, maso atatopa.

KALALIKI: Mizere inayo ndaiona, ikugwirizana ndi kaundula. Ndi pokhapa. Sinapite kulikonse, ndiye mukhoza kungokonza pompano.

MLANGIZI: Mwachita bwino kubwera. Ikanapita chonchi akanatifunsa za tizipangizo.

KALALIKI: Pali kenanso, koma apa ndikungofunsa kuti ndidziwe. Mapaketi a LA achuluka kuposa odwala. Zimatheka bwanji?

MLANGIZI: Apo palibe vuto. A akuluakulu anatithera pakati pa mwezi, ndiye timapereka a ana, anayi kwa munthu mmodzi. Komabe ndilemba kamzere m'munsimu kofotokoza, kuti akuboma asadabwe ngati mmene mwadabwira inu.

(Phokoso lizilala)

WOULUTSA: Kukambirana konseku sikunathe mphindi zitatu. Koma muli zinthu zingapo zimene kalaliki anachita mwadala.

Anabwera ndi kaundula m'manja. Potero sanali mtsikana wa dzulodzulo amene akutsutsa munthu wamkulu. Anali anthu awiri akuyang'ana buku limodzi, ndipo buku ndilo linalankhula. Kwathu kuno, kumene wamng'ono sawongola wamkulu mwachisawawa, njira imeneyi imatsegula khomo limene mawu okha sangatsegule.

Mvetserani kayankhulidwe kake. Anati palembedwa 371. Anati 7 ndi 3 anasinthana. Sananene kuti mwalakwitsa. Chichewa chathu chimatilola kuloza pa pepala popanda kuloza munthu, ndipo bambo aja anadzitengera okha cholakwacho ndi pakamwa pawo. Anawauzanso kuti mizere ina ili bwino komanso kuti fomu sinapite kulikonse. Mawu awiri amenewa amayankha mafunso amene munthu aliyense wogwidwa ndi cholakwika amakhala nawo mumtima: kodi n'chachikulu bwanji, nanga ndani wina akudziwa?

Koma chenjerani, omvera, ulemu usameze uthenga. Ili ndi vuto lathu lenileni. Timazungulira mpaka mnzathu osamva chimene tabwerera. Wina amangoti, bambo, fomu ija mukapeza mpata mudzaionenso. Bambo aja ayang'ana mwachangu, saona kanthu chifukwa diso la wolemba limawerenga zimene linkafuna kulemba, ndipo fomu ipita ndi 371 yemweyo. Pambuyo pake wouzayo amati ndinawauza ine. Sanawauze. Kalaliki wathu anatchula mzere, anatchula nambala yolembedwa, anatchula nambala yoona. Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma kutsinako kumveke ndithu.

Tsopano ndani agwire cholembera? Mwini lipoti. Apa pali yesero limene limaoneka ngati chifundo. Kalaliki akanatha kungokonza yekha mwakachetechete, bambo aja osadziwa, manyazi osakhalapo. Ine ndikuti njira imeneyi ndi yoipa. Fomu ili ndi dzina la amene anailemba, ndipo akadzafunsidwa ayenera kudziwa nambala iliyonse imene ili pamenepo. Ngati iwo anasunga kope lawo lokhala ndi 371, pakhala mapepala awiri osemphana, ndipo funso lidzakhala lakuti anasintha ndani, chifukwa chiyani. Komanso ngati wokonzayo ndiye walakwitsa, monga zikanakhalira pa nkhani ya LA ija, waononga lipoti labwino m'dzina la mnzake.

Kakonzedwe kake pa pepala ndi aka. Mwini lipoti adule nambala yolakwikayo ndi mzere umodzi woti nambala yakaleyo izionekabe, alembe yoona pambali pake, asaine ndi kulemba deti. Asafufute ndi utoto woyera uja, asakandenso nambala yatsopano pamwamba pa yakale. Nambala yofufutidwa imadzutsa mafunso, pamene yodulidwa bwino imadzifotokoza yokha. Ngati lipoti lili pa kompyuta ndipo ambiri amalitsegula, musalembe ndemanga yanu m'menemo poti onse aione. Muimbireni mwini wake, kapena mutumizireni uthenga wa iye yekha.

Zikatha, zatha. Kalaliki sakanena kwa namwino pa nthawi ya tiyi kuti mukudziwa, fomu ya bambo aja ndaipulumutsa ndine. Akatero ndiye kuti kupita pambali kuja kunali kungochedwetsa manyazi, ndipo bambo aja akadzamva, zidzawawawa kuposa kuuzidwa pamsonkhano.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Ndisanamalize, pali malire amene tiyenera kuwanena poyera, chifukwa kuuza mnzako pambali si kubisa zolakwika.

Bwanji ngati fomu yapita kale kuboma? Poyambira ndi pomwepo, kwa mwini lipoti. Koma tsopano nkhani siingathere pa anthu awiri, chifukwa mkulu wa chipatala anasaina nambala yolakwika ndipo ayenera kudziwa. Chimene kalaliki angachite ndi kupatsa bambo aja mpata woti akanene okha. Angawauze kuti, bambo, popeza yapita kale, ndi bwino akulu amve kwa inu lero, kuti aimbire kuboma akonze. Munthu wokanena yekha cholakwa chake amatuluka mu ofesi ya bwana ali ndi ulemu wake. Wokanenezedwa amatuluka wopanda.

Bwanji ngati bambo aja akana? Angati, ine ndayamba ntchitoyi inu musanabadwe, siyani momwemo. Apa kalaliki asakangane, komanso asapereke fomu ngati kuti sanaone kanthu. Anene mwaulemu kuti, ndamva bambo, koma ine sindingaipititse manambala akusemphana ndi kaundula, ndiye tiyeni tikaonetse akulu atithandize. Akuwauza maso ndi maso kumene nkhani ikupita, ndipo akuwaitana kuti apite limodzi. Kumeneko n'kosiyana kwambiri ndi kuzemba n'kukanong'oneza bwana.

Nanga ngati zikubwerezedwa mwezi ndi mwezi? Pamenepo vuto lili m'kagwiridwe ka ntchito. Mwina fomu imalembedwa usiku wa tsiku lomaliza, mwina palibe wachiwiri woiona. Zimenezo zikhoza kukambidwa pa msonkhano popanda kutchula munthu: tigwirizane kuti fomu iliyonse isanasainidwe, wina aziphatikiza opezeka ndi osapezeka n'kuona ngati akufanana ndi oyezedwa.

Ndipo pali mtundu wina wa nambala yolakwika umene sufuna njira ya lero. Tiyerekeze kuti kalaliki atatsegula kaundula anapeza kuti oyezedwa ndi 371 zoona, koma lipoti likunena 731, ndipo kosungira katundu tizipangizo tatulukadi toposa 700. Kapena wapeza masamba a kaundula atadzazidwa tsiku limodzi, ndi dzanja limodzi, mayina obwerezabwereza. Apa funso la tizipangizo 360 lija lakhala lenileni. Kalaliki alibe udindo woweruza kuti wina waba, ndipo asalengeze zimenezo kwa aliyense. Koma asakhalenso pansi ndi wolembayo kuti akonze manambala agwirizane, chifukwa akatero walowa nawo m'mlandu. Atenge fomu ndi kaundula monga zilili, apite nazo kwa mkulu wa chipatala, aonetse mizere imene ikusemphana, anene zimene waona zokhazo. Chimodzimodzi ngati cholakwikacho chikukhudza wodwala amene ali pa bedi pompano, monga mlingo wa mankhwala wolembedwa molakwika. Pamenepo sitidikira kuti mzere uthe. Timaimitsa kaye, motsitsa mawu ngati n'kotheka, zofotokozerana pambuyo.

Nthawi yathu yathera pamenepa, omvera. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)